Munthu amene dzulo lake linkasowa: mmene akatswiri a ubongo amawerengera nkhani ya Henry Molaison

M'chaka cha 1953, pa chipatala cha Hartford m'chigawo cha Connecticut ku America, dokotala wa maopaleshoni a ubongo dzina lake William Beecher Scoville anaboola mabowo awiri pamphumi pa mnyamata wa zaka 27. Anakweza pang'ono mbali yakutsogolo ya ubongo, n'kuyamwa ndi kapaipi kachitsulo minofu ya mkatikati, kumanja ndi kumanzere komwe. Mnyamatayo anali Henry Molaison, amene kwa zaka zoposa 50 dziko linkangomudziwa ndi zilembo ziwiri, H.M. Ankadwala khunyu loopsa. Linayamba pang'onopang'ono ali ndi zaka 10, ndipo pofika zaka 16 linali litayamba kumugwetsa pansi n'kumakomoka. Mankhwala amphamvu a nthawi imeneyo analephera, ndipo ntchito yake yokulunga mawaya a mainjini inamukanika.

Khunyu lija linachepadi kwambiri. Koma Henry atatsitsimuka, sankathanso kupeza njira yopita kuchimbudzi m'chipatalamo, ngakhale amulondolere kangati. Anamwino amene ankamusamalira tsiku lililonse ankawaona ngati achilendo nthawi iliyonse akalowa. Ankadya nkhomaliro, ndipo pakatha theka la ola samadziwa chimene wadya, ngakhale zoti wadya kumene. Anakhala choncho zaka 55, mpaka imfa yake pa 2 Disembala 2008.

Vuto limeneli, lolephera kusunga zinthu zatsopano kuyambira tsiku limene ubongo wavulala kupita m'tsogolo, madokotala amalitcha amineziya ya anterogiredi. Ophunzira za ubongo ndi khalidwe la munthu akakhala pa semina, nkhani ya Henry ndiyo imakhala yoyamba kuikidwa patebulo. Ambiri amafulumira kuimaliza ndi chiganizo chimodzi, chakuti anamuchotsa hipokampasi ndiye anasiya kukumbukira. Chiganizochi n'choona mbali ina, koma wochilankhula amakhala asanayambe n'komwe ntchito yomasulira nkhaniyi. Ntchitoyo imagona pa kufunsa mosamala chimene chinatayika, chimene chinatsala, ndiponso chimene dokotala anachotsa kwenikweni.

Tiyambe ndi hipokampasi yemweyo. Ndi kachiwalo kopindika, kotalika ngati chala chaching'ono, kamene kali mkati mwa ubongo cha kuseri kwa makutu. Munthu aliyense ali nato tiwiri, kena kumanja, kena kumanzere. Kuwiriku n'kofunika kwambiri pa nkhaniyi. Nthawi yomweyo ku Montreal, m'dziko la Canada, dokotala wina wotchuka, Wilder Penfield, ankachita maopaleshoni a khunyu pochotsa mbali imodzi yokha, ndipo odwala ake ambiri ankachira popanda kuiwala koopsa. Koma awiri mwa iwo anadzuka ali ndi vuto lalikulu la kuiwala. Penfield ndi katswiri wa zamaganizo amene ankagwira naye ntchito, mayi Brenda Milner, anaganiza kuti mwina hipokampasi wa mbali inayo anali wowonongeka kale, moti pochotsa wabwinoyo anawasiya opanda chilichonse. Mmodzi wa odwala awiriwo atamwalira patapita zaka, anapezekadi kuti hipokampasi wake wakumanja anali atafota. Scoville atamva za odwala awiriwa anaimbira foni ku Montreal, ndipo m'chaka cha 1955 mayi Milner anayamba kumapita ku Hartford kukamuyeza Henry.

Zimene anapeza pa ulendo woyamba zikusonyeza bwino mmene katswiri amayezera munthu wotere. Atamufunsa tsiku, Henry anati ndi mu Malichi 1953 ndipo iye ali ndi zaka 27, pamene zaka ziwiri zinali zitadutsa. Pa mayeso a nzeru anapeza 112, kuposa 104 imene anapeza asanachitidwe opaleshoni, mwina chifukwa khunyu linali litasiya kumusokoneza. Pa mayeso a kukumbukira, amene munthu wamba amapeza pafupifupi 100, iye anapeza 67. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndi kumene wophunzira ayenera kuyamba kuona. Munthu amene ubongo wake ukufooka paliponse, monga zimachitikira ena akakalamba kwambiri, manambala onse awiri amatsikira limodzi. Henry ankalankhula bwinobwino, ankaganiza mwadongosolo, ankakonda masewera odzaza mawu m'timabokosi a m'nyuzipepala, ndipo anali munthu wofatsa ndi waulemu. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinali chitagwa, ndipo chinagwa kotheratu.

Apa m'pamene funso lakuti chinatsala n'chiyani limakhala lopindulitsa kuposa lakuti chinatayika n'chiyani. Mayi Milner tsiku lina anamuuza kuti asunge nambala 584, iwo n'kutuluka. Atabwerako patatha mphindi 15, Henry anaitchula molondola, ndipo anafotokoza njira yovuta imene anagwiritsa ntchito, yophatikiza ndi kuchotsera manambalawo m'mutu mosalekeza. Koma atangoyamba kukamba zina kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, nambala ija inapita, ndipo sankakumbukiranso zoti anapatsidwa nambala. Tanthauzo lake n'lakuti kugwira chinthu m'maganizo kwa kanthawi, pochibwereza, sikudalira hipokampasi. Chimene Henry analibe ndi njira yosamutsira chinthucho kuti chikakhale poti angachipezenso maganizo ake akatembenukira kwina.

Ofufuza ena awiri, David Drachman ndi Jack Arbit, anasonyeza malire ake molongosoka m'chaka cha 1966. Ankawerengera munthu mndandanda wa manambala kuti abwereze, ndipo akakhoza ankawonjezerapo nambala imodzi. Akalakwa ankabwereza mndandanda womwewo mpaka aukhoze. Anthu abwinobwino ankakwera motere mpaka manambala 20, chifukwa nthawi iliyonse imene amva mndandandawo kena kake kamatsalira m'mutu. Henry ankabwereza manambala 6 mosavuta. Atawonjezerapo imodzi yokha, anakanika ngakhale atamubwerezera maulendo 25. Ulendo uliwonse unali ngati woyamba. Ndimaona kuti kuyesa kumeneku ndi kumene kumamveketsa bwino vutoli kuposa nkhani zonse zomvetsa chisoni zimene anthu amakonda kusimba, chifukwa kumaloza malo enieni pamene kukumbukira kwa kanthawi kumathera ndi pamene kusunga kwa nthawi yaitali kumayenera kuyambira.

Kenako panabwera nyenyezi ya pagalasi. Mayi Milner anamupatsa pepala lojambulidwa nyenyezi ya nsonga zisanu, yokhala ndi mizere iwiri yoyandikana, n'kumuuza kuti ayendetse pensulo pakati pa mizereyo osagunda m'mbali. Dzanja lake linali lobisika, moti ankangoliona pagalasi. Aliyense amene wayesapo zimenezi amadziwa mmene dzanja limakanira: ukafuna kupita uku, ilo limathawira uko, ndipo pa ngodya ya nyenyezi pensulo imangozungulira pamalo amodzi. Henry anayamba ndi zolakwa zambiri ngati wina aliyense. Koma kwa masiku atatu zolakwazo zinkachepa, ndipo m'mawa uliwonse ankayambira pafupi ndi pamene analekezera dzulo lake. Chodabwitsa n'chakuti tsiku lililonse ankanena kuti sanachitepo zimenezi. Pa tsiku lachitatu, ataijambula bwino, anadabwa yekha kuti ntchito imene ankaiona ngati yovuta yamuyendera chonchi.

Zotsatirazi, zimene zinafalitsidwa mu 1962, zinasintha kaganizidwe ka akatswiri. Dzanja la Henry linaphunzira, koma Henry sanadziwe kuti laphunzira. Ndiye kuti kukumbukira kuli mitundu ingapo, ndipo mtundu uliwonse uli ndi njira yake mu ubongo. Pali kukumbukira zochitika ndi mfundo, zimene munthu angazinene pakamwa, monga zakuti dzulo kunabwera alendo kapena dzina la mankhwala amene wapatsidwa. Palinso luso la thupi, monga kupalasa njinga, limene limakhazikika mwa kubwereza ndipo limadalira zigawo zina, kuphatikizapo kaubongo kakang'ono ka kunkhongo kotchedwa selebelamu. Komabe pa semina wophunzira wochenjera amawonjezera kuti Henry sankaphunzira luso lililonse mofanana ndi anthu ena. Pa ntchito zina za manja ankapita patsogolo, koma mochedwa.

Nanga zakale? Henry ankadziwa dzina lake, makolo ake, kumene anakulira, ndi nkhani za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Chifukwa cha ichi aphunzitsi ambiri amayerekeza hipokampasi ndi ngolo yotutira chimanga: ngolo ikathyoka, chimanga cha chaka chatha chimakhalabe m'nkhokwe, koma chatsopano chimaolera kumunda. Fanizoli limathandiza, koma lili ndi malire amene ayenera kunenedwa. Kuyambira pachiyambi zinkaoneka kuti zina za asanachitidwe opaleshoni zinatayikanso: sankakumbukira imfa ya m'bale wa makolo ake amene ankamukonda kwambiri, yomwe inachitika zaka zitatu opaleshoni isanachitike. Kafukufuku wa m'ma 1980 anapeza kuti mpatawo unkabwerera m'mbuyo zaka 11. Ndipo mayi Suzanne Corkin, amene anakumana naye koyamba mu 1962 n'kupitiriza kumuyeza mpaka imfa yake, anaona chinthu china chobisika. Henry ankadziwa mfundo za ubwana wake, koma akafunsidwa kuti asimbe tsiku limodzi lenileni, kumene anali, amene anali nawo ndi zimene zinachitika, pafupifupi nthawi zonse ankangopereka chithunzi chachisawawa cha mmene zinthu zinkakhalira.

Pamenepa akatswiri amagawanika, ndipo semina yabwino siyenera kubisa mkanganowu. Gulu lina, limene dzina la Larry Squire limamveka kwambiri, limati hipokampasi amagwira chokumbukira kwa zaka zingapo, kenako chimakhazikika m'khungwa la ubongo n'kusiya kumudalira. Gulu lina, la Lynn Nadel ndi Morris Moscovitch, limati mfundo zingathe kudziimira pazokha motero, koma kukumbukira chochitika mwatsatanetsatane, ngati ukuchionanso, kumafuna hipokampasi moyo wonse. Nkhani ya Henry imapendekera ku gulu lachiwirili. Koma pali chosokoneza chimene sitingachilumphe: munthuyu anadwala khunyu kuyambira ali mwana ndipo ankamwa mankhwala amphamvu. N'kutheka kuti zina zimene tikuti anaiwala sanazisunge bwino n'komwe pa nthawi imene zinkachitika. Zaka 11 kubwerera m'mbuyo kuchoka pa 27 zikutifikitsa pa zaka 16, nthawi yomwe khunyu lalikulu linayamba. Kugwirizana kumeneku kuyenera kumupangitsa aliyense kuyenda mosamala.

Tsopano tifike pa funso limene kwa ine ndi lalikulu koposa: kodi Scoville anachotsa chiyani? Iye mwini analemba kuti anachotsa minofu yotalika masentimita 8 mbali iliyonse, ndipo kwa zaka 40 mabuku ankangokopera nambala imeneyi. Koma dokotala amene akugwira ntchito kudzera m'kabowo kakang'ono saona bwino pamene kapaipi kake kafika. Pamene mayi Corkin ndi anzawo anajambula ubongo wa Henry ndi makina a MRI, zotsatira zimene anafalitsa mu 1997 zinasonyeza kuti chochotsedwacho chinali pafupifupi masentimita 5. Mbali yakumbuyo ya hipokampasi, pafupifupi masentimita 2, inalipobe kumbali zonse. Kumbali ina, panachoka zambiri zimene si hipokampasi: gawo lalikulu la amigidala, kachiwalo kokhudzana ndi mantha ndi mmene munthu amamvera mumtima, komanso pafupifupi khungwa lonse la entoraino.

Khungwa la entoraino limeneli ndiye khomo lalikulu limene mauthenga ochokera m'mbali zina za ubongo amadzera polowa mu hipokampasi. Likachoka, chidutswa cha hipokampasi chotsalacho chimakhala chamoyo koma cholandira zochepa kwambiri. Henry atamwalira, ubongo wake anapita nawo ku yunivesite ya California ku San Diego, kumene mu Disembala 2009 gulu la Jacopo Annese linauumitsa ndi chisanu n'kuudula m'magawo opyapyala 2,401, ntchito imene inatenga maola 53. Lipoti la mu 2014 linatsimikiza kuti hipokampasi wakumbuyo analipodi wochuluka, ndipo linapezanso kabala kakang'ono kutsogolo kwa ubongo kumanzere, kamene palibe ankakadziwa. Selebelamu wake naye anali wofota, zimene akatswiri amati zinadza ndi mankhwala a khunyu a fenitoini amene anamwa zaka zambiri.

Motero Henry si chitsanzo cha munthu amene anawonongeka hipokampasi yekha. Wofuna kudziwa chimene hipokampasi payekha amachita ayenera kuyang'ana odwala ena. Wodziwika kwambiri ndi bambo wina wotchedwa R.B., amene nkhani yake inafalitsidwa mu 1986 ndi Stuart Zola-Morgan, Larry Squire ndi David Amaral. Iyeyu magazi anasiya kufika bwino ku ubongo kwa kanthawi pa mavuto amene anatsatira opaleshoni ya mtima. Kuyambira pamenepo ankavutika kusunga zatsopano, koma zakale zinali pafupifupi zonse bwinobwino. Atamwalira, anapeza kuti maselo anafa m'kachigawo kamodzi ka hipokampasi kotchedwa CA1, mbali zonse ziwiri, ndipo kwina kunali timabala tochepa chabe. Kuiwala kwa R.B. kunali kwenikweni, koma kunali kocheperapo poyerekeza ndi kwa Henry. Tikaika anthu awiriwa pamodzi, chithunzi chimamveka: kuwonongeka kwa hipokampasi yekha n'kokwanira kubweretsa amineziya, koma vutolo limakula kwambiri pamene minofu yomuzungulira yachokanso. Ngakhale lipoti loyambirira la Scoville ndi mayi Milner la mu 1957 silinadalire Henry yekha. Linafotokoza odwala 10, ndipo linasonyeza kuti kuiwala kunkakula molingana ndi mmene opaleshoni yalowera chakumbuyo mu hipokampasi.

Pali zinanso zimene zimasokoneza amene akufuna nkhani yosalala. Henry anaphunzira zinthu zina zatsopano, ngakhale zinali zochepa. Mu 1958 banja lake linasamukira m'nyumba ina, ndipo mu 1966 anatha kujambula pamtima mmene zipinda za nyumbayo zinakhalira. Akapatsidwa dzina loyamba la anthu ena amene anatchuka pambuyo pa 1953, nthawi zina ankatha kumaliza dzinalo ndi kunenapo kanthu za munthuyo. Izi sizikugwetsa zimene tanena. Zikusonyeza kuti chinthu chikabwerezedwa kambirimbiri kwa zaka, monga kuyenda m'nyumba imodzi tsiku ndi tsiku, zigawo zina za ubongo zingathe kuchigwira pang'onopang'ono. Chimene sizingathe ndi kusunga chinthu chimene chachitika kamodzi kokha, ndipo moyo wa munthu wadzaza ndi zinthu zoterozo.

Sindingasimbe nkhaniyi popanda kunena za munthuyo. Opaleshoni ya Henry inali yoyesera, ndipo Scoville mwini anavomereza zimenezo, n'kuchenjeza madokotala anzake kuti asadzachitenso. Ofufuza oposa 100 anamuyeza Henry pa moyo wake, ndipo funso lakuti munthu amene sangakumbukire zimene wauzidwa mphindi zisanu zapitazo angavomereze bwanji kafukufuku likadali lovutitsa mpaka lero. Semina imene imakamba za masentimita ndi manambala osaima pa funso ili yasiya mbali ina ya phunziro. Henry sanathe kukhala payekha, anasamalidwa ndi makolo ake, kenako wachibale, ndipo zaka zake zomaliza anakhala m'nyumba yosungira odwala. Ankadziwa kuti ali ndi vuto la kukumbukira, ndipo nthawi zina ankada nkhawa kuti mwina wanena kapena wachita chinthu cholakwika chimene sakuchidziwa.

Owerenga amene ali ndi wachibale wodwala khunyu asachite mantha ndi nkhaniyi. Khunyu la anthu ambiri limagonja ndi mankhwala, ndipo kumene opaleshoni imachitika masiku ano amachotsa mbali imodzi yokha, atayeza kaye ngati mbali yotsalayo ingathe kusenza ntchito ya kukumbukira. Amineziya yonga ya Henry masiku ano imabwera m'njira zina: mtima ukaima kwa mphindi zingapo, munthu akamira m'madzi n'kupulumuka, akapuma utsi wa makala m'chipinda chotseka, kapena kachilombo ka hepisi kakalowa mu ubongo, monga zinachitikira woimba wa ku England Clive Wearing mu 1985. Maselo a hipokampasi amafa msanga kuposa ena ambiri mpweya wa okosijeni ukachepa. Kumwa mowa kwambiri osadya mokwanira kumabweretsanso kuiwala kofanana nako chifukwa chosowa vitamini B1, ngakhale kuti pamenepo zimene zimawonongeka ndi zigawo zina zolumikizana ndi hipokampasi.

Kuzindikira vutoli kunyumba n'kotheka. Munthuyo amacheza bwino, amakudziwani, amasimba za kale, ndipo mukamuuza mawu atatu amawabwereza nthawi yomweyo. Muchezeni zina kwa mphindi zisanu, kenako mumufunsenso. Ngati mawuwo apita, ndipo ngakhale mutamupatsa poyambira sakubwerera, kapena sakukumbukira n'komwe zoti munamuuza mawu, limenelo si vuto la kusamvera kapena mwano. Musamukalipire pofunsa funso lomwelo kakhumi, ndipo musathamangire kunena kuti walodzedwa. Ngati kuiwalako kwayamba mwadzidzidzi, makamaka limodzi ndi kutentha thupi, mutu, kusokonezeka kapena kukomoka, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa matenda a hepisi a mu ubongo ali ndi mankhwala otchedwa asaikuloviya, ndipo amapulumutsa ubongo akaperekedwa msanga.